Gaga, madzi ndi nthawi: nkhani ya m'mimba mouma

Mawu oti kudzimbidwa ali ndi matanthauzo awiri kwathu kuno. Munthu akadya mopitirira muyeso pa ukwati, m'mimba n'kumamulemera usiku wonse, timati wadzimbidwa, ndipo timaseka. Koma pali kudzimbidwa kwina kumene sitiseka ndiponso sitikamba. Uku n'kumene munthu wamkulu amatha masiku anayi kapena asanu osachita chimbudzi, ndipo akapitako amakakhalitsa akutchima, chotuluka n'kukhala timibulu touma ngati ta mbuzi.

Ife amene timathandiza ku dipatimenti ya zaumoyo mumpingo kuno ku Bwanje si madokotala. Timayeza anthu kuthamanga kwa magazi, timaphunzitsa za kadyedwe, ndipo amene vuto lawo latikulira timawatumiza kuchipatala. Tikamaphunzitsa za shuga manja amakhala m'mwamba, mafunso mbwee. Za chimbudzi palibe amafunsa pagulu. Anthu amadikira kuti ena abalalike, kenako n'kutikokera pambali ndi mawu otsitsa: "M'mimbamu simukuyenda." Chifukwa cha manyazi amenewa, ambiri amakhala atayamba kale kudzigulira mankhwala otsegula m'mimba, mwina kwa chaka chathunthu, asanauze munthu aliyense.

Tiyambe ndi kuchotsa mantha amene alibe chifukwa. Si lamulo kuti munthu azichita chimbudzi tsiku lililonse. Wina amapita katatu pa tsiku, wina katatu pa mlungu, ndipo onsewo ali bwino ngati chimbudzicho chikutuluka chofewa, popanda kulimbana nacho. Achipatala amati munthu ali ndi kudzimbidwa kokhalitsa ngati kwa miyezi 3 kapena kuposerapo wakhala akuona zingapo mwa izi: kupita kosakwana katatu pa mlungu, chimbudzi cholimba, kutchima kwambiri, ndi kumva ngati china chatsalira akamaliza. Choncho sitiwerenga masiku okha. Timafunsanso mmene chimbudzicho chikutulukira.

Chimene chimaumitsa chimbudzi n'chosavuta kumva. Chakudya chikagayidwa, zotsala zimalowa m'matumbo aakulu zili phalaphala. Matumbo amenewa, otalika pafupifupi mita ndi theka, ntchito yake ndi kuyamwa madzi m'zotsalazo n'kuwabwezera m'thupi. Zotsalazo zikayenda mofulumira zimatuluka zikadali zofewa. Zikachedwa, matumbo sasiya kuyamwa, ndipo tsiku lililonse lowonjezera limaziumitsa, monga nsima yogonera imene yakhala pamtunda. Chimbudzi chikauma chimapweteka potuluka, munthu amayamba kuopa kupita, ndipo kuzengerezako kumachiumitsanso. Umu ndi mmene vuto la mlungu umodzi limasandukira la zaka.

Kuti matumbo ayende amafuna zinthu zitatu pamodzi: zotsala zochuluka zoti akankhe, madzi oti zotsalazo zifewe, ndi nthawi yoti munthu apite pamene thupi lamuitana. Chimodzi chikasowa, ziwiri zinazo sizikwanitsa.

Choyambacho ndi chimene ophunzira amatcha faiba. Imeneyi ndi mbali ya zomera imene thupi siligaya: gaga wa chimanga, makoko a nyemba, mitsitsi ya m'masamba, ulusi wa mango. Popeza siigayika, imafika m'matumbo aakulu, imasunga madzi ngati thonje, ndipo imapatsa matumbo katundu woti akankhe. Dokotala wina wochita maopaleshoni, Denis Burkitt, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, ndiye anatchukitsa nkhaniyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Iye ndi anzake anayeza chimbudzi cha anthu a m'midzi ya mu Africa amene ankadya chakudya chosakonola, napeza kuti chinkapitirira magalamu 400 pa tsiku, pamene cha Angerezi odya buledi woyera chinali pafupifupi magalamu 100, ndiponso chinkatenga nthawi yoposa kawiri kuti chituluke. Azungu anaphunzira nkhaniyi kwa makolo athu. Ife lero gaga tikupatsa nkhuku.

Taganizirani ulendo wa ufa woyera. Timakonola chimanga, kupeta gaga, kuviika mphale masiku angapo, kutsuka, kuyanika, kenako kukagayitsa. Nsima yake ndi yosalala, yokongola pamaso pa alendo, koma faiba yambiri yatsala m'lichero. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati munthu wamkulu azidya faiba yosachepera magalamu 25 pa tsiku. Mu mgaiwa wolemera magalamu 100 muli pafupifupi magalamu 7, pamene ufa woyera uli ndi yosafika ngakhale theka la imeneyi. Kapu imodzi ya nyemba, khobwe kapena nandolo wophika imapereka magalamu oposa 10. Ndiye kuti banja limene ladya phala la mgaiwa m'mawa, nsima ya mgaiwa ndi nandolo ndi nkhwani masana, n'kuonjezera gwafa kapena mbatata, lafika pa muyeso popanda kugula kanthu kusitolo. Koma munthu amene wadya mandasi m'mawa, nsima yoyera ndi mazira masana, ndi mpunga woyera madzulo, wakhuta tsiku lonse matumbo ake alibe chokankha.

Tikufuna tikufotokozereni za mayi wina amene tinayenda naye pa nkhaniyi, chifukwa zimene zinkamuchitikira ndi zimene zikuchitikira ambiri. Ndi wa zaka za m'ma 40, ndipo amagulitsa tomato ndi anyezi m'mphepete mwa msewu wa M5. Anatiuza kuti kwa chaka ndi miyezi ankachita chimbudzi kamodzi kapena kawiri pa mlungu, ndipo nthawi zambiri pokhapokha atamwa timapiritsi tachikasu totsegula m'mimba. Tisanalangize chilichonse tinamufunsa mafunso amene timafunsa aliyense. Mwaonapo magazi? Mwatsika thupi? Mumasanza? Mukumwa mankhwala ena alionse? Onsewo anayankha kuti ayi. Kenako tinati, "Mayi, tatiuzani tsiku lanu lonse kuyambira podzuka."

Amadzuka kusanache, kukonzekeretsa ana, n'kuthamangira kukapikula katundu osadya kanthu. Cha m'ma 10 koloko amadya mandasi awiri ndi chakumwa cha m'botolo. Nsima amadya madzulo, ya ufa woyera, ndi ndiwo zimene zapezeka. Titafunsa za madzi anaseka. "Ndikamwa madzi ambiri ndikataya kuti? Katundu ndimusiyira ndani?" Tinawerengera limodzi, ndipo makapu a madzi sanapitirire atatu pa tsiku, m'chigwa chimene mu Okutobala ndi Novembala munthu amatuluka thukuta atangokhala pamthunzi. Za kumva chimbudzi anati chimamupeza m'mawa ali kale panjira, ndiye amangochipirira mpaka chitasiya.

Apa zinthu zitatu zija zinali zitasowa zonse. Koma panalinso msampha wa mapiritsi aja. Mankhwala otsegula m'mimba amakokolola zonse zimene zili m'matumbo aakulu, ngakhale zimene zikanatuluka mawa ndi mkuja. Zikatero pamatenga masiku awiri kapena atatu kuti matumbo adzazenso. Mayiyu akaona kuti padutsa masiku atatu opanda kanthu, ankati vuto labwerera, n'kumwanso. Anali kuthamangitsa chimbudzi chimene sichinapangidwe n'komwe.

Sitinamuuze kuti asinthe zonse tsiku limodzi. Munthu amene wazolowera ufa woyera akangoyamba mwadzidzidzi mgaiwa ndi nyemba katatu pa tsiku, mimba imatupa, mpweya umachuluka, ndipo pofika tsiku lachitatu amati malangizo athu amuonjezera matenda. Matumbo amafuna milungu ingapo kuti azolowere. Mlungu woyamba tinangosintha zinthu ziwiri. Azidzuka msanga pang'ono, kumwa makapu awiri a madzi ofunda, ndi kudya phala la mgaiwa lothira nsinjiro asananyamuke. Azinyamulanso botolo la malita awiri ndi kuonetsetsa kuti latha dzuwa lisanalowe. Nkhani ya katundu anaithetsa yekha: anapangana ndi mnzake wa pabenchi yoyandikana kuti azilonderana.

Mlungu wachiwiri anayamba kusakaniza ufa wa nsima, theka mgaiwa theka woyera, kuti a m'nyumba asadandaule. Nyemba kapena khobwe zinayamba kupezeka katatu pa mlungu, zoviika usiku wonse n'kutaya madzi oviikirawo, chifukwa kutero kumachepetsako mpweya. Mlungu wachitatu masamba anakhala a tsiku lililonse, ndipo m'malo mwa mandasi anayamba kutenga mbatata yophika kapena papaya wakupsa. Inali nyengo imene masamba aawisi amadula, koma mfutso unagwira ntchito yomweyo, poti kuyanika sikuchotsa faiba. Mapiritsi aja tinagwirizana kuti asamwenso mwachizolowezi, koma pokhapokha patadutsa masiku atatu athunthu ndipo akumva kulemedwa. Mwezi woyamba anamwa kawiri. Mwezi wachiwiri sanamwe, ndipo ankapita kanayi kapena kasanu pa mlungu popanda kutchima. Sankapita tsiku lililonse, ndipo tinamutsimikizira kuti palibe cholakwika pamenepo.

Pa za mgaiwa tiyenera kuchenjeza chinthu chimodzi. Kukonola kumachotsako poizoni wa chuku amene amakhala kwambiri pa khungu la chimanga chimene sichinaume bwino. Choncho mgaiwa umafuna chimanga chouma bwino ndi chosankha. Chowola, chofumbwa ndi chosintha mtundu chichotsedwe tisanapite kuchigayo. Mgaiwa suchedwanso kununkha chifukwa uli ndi mafuta a kamtima ka chimanga, ndiye ndi bwino kugayitsa wochepa wochepa.

Pa za madzi, muyeso wosavuta ndi mkodzo. Ukakhala woyererako ndiye kuti madzi akukwana, ukakhala wachikasu kwambiri ndi wochepa ndiye kuti thupi likuumira madzi, ndipo ena likuwatenga m'chimbudzi. Kwa ambiri malita awiri pa tsiku amakwana, koma wolima kudimba kapena wopalasa kabaza nthawi yotentha amafuna oposa apa. Tinene zoona, madzi paokha sachiza kudzimbidwa. Munthu amene akumwa kale okwanira sapindula pomwa ndowa yathunthu. Koma faiba yopanda madzi imatha kuumitsa m'mimba kuposa kale, n'chifukwa chake ziwirizi timaziyambira limodzi. Okhawo amene adokotala anawauza kuti achepetse madzi chifukwa cha matenda a mtima kapena impso atsate zimene anauzidwa.

Chachitatu, nthawi, ndi chimene anthu sachiganizira. Chakudya chikalowa m'mimba, matumbo aakulu amadzuka n'kuyamba kukankha, ndipo kukankhaku kumakhala kwamphamvu kwambiri m'mawa, pakangopita mphindi zochepa munthu atadya. Amene sadya m'mawa amataya mwayi umenewu. Amene amamva chimbudzi n'kuchipirira amaphunzitsa thupi kuti lisiye kuitana, ndipo pakapita miyezi samvanso ngakhale kumusi kutadzaza. Izi timaziona kwa aphunzitsi, kwa ogulitsa pamsika, kwa apongozi amene amachita manyazi kudutsa pabwalo kulunjika kuchimbudzi anthu akuona, ndiponso pa misonkhano ya misasa, kumene ena amapirira mlungu wonse chifukwa cha mzere. Amene amakonza misonkhanoyi adziwe kuti zimbudzi zokwanira, zaukhondo ndi zotseka bwino ndi mbali ya zaumoyo.

Langizo lathu ndi loti munthu azipita kuchimbudzi tsiku lililonse akangotha kudya m'mawa, akhaleko mphindi zisanu kapena kuposerapo pang'ono, osatchima mwamphamvu ndiponso osagwira mpweya. Zikakanika adzuke, adzayesenso mawa. Kutchima kwa nthawi yaitali ndiko kumabweretsa matenda a mudzi ndi kung'ambika kwa kumalo otulukira chimbudzi. Pa kakhalidwe, chimbudzi chathu chokumba chili ndi ubwino umene ambiri sadziwa: kunjuta kumawongola njira, ndipo chimbudzi chimatuluka mosavuta. Amene ali ndi chimbudzi chokhalira aike kampando kakafupi kapena njerwa ziwiri kumapazi kuti mawondo akwere kuposa chiuno, n'kuweramira kutsogolo. Agogo amene mawondo sakulola kunjuta tiwakhomere chogwirira kapena mpando woboola pakati, chifukwa ambiri a iwo amapirira chimbudzi poopa kugwa. Kuyenda pansi kumathandizanso matumbo, n'chifukwa chake wodwala amene wagona milungu ingapo sachedwa kuuma m'mimba.

Tsono mankhwala otsegula m'mimba ali ndi malo ake, ndipo sitifuna kuti wina aziona ngati walephera akawafuna. Munthu amene wayesa zonse tafotokozazi mokhulupirika kwa mwezi wathunthu osaona kusintha apite kuchipatala akamuone, ndipo mwina adzam'patsa mankhwala. Ena matumbo awo ndi ochedwa mwachibadwa, ndipo kuwaonjezera gaga kumangowatupitsa mimba. Ena chimene chikuwaumitsa ndi matenda monga shuga, kapena mankhwala amene akumwa: mapiritsi oonjezera magazi, ena a kuthamanga kwa magazi monga nifedipini ndi amulodipini, amitiriputilini, ndi opha ululu amphamvu monga kodini, tiramado ndi mofini. Mankhwala otere tisawasiye patokha. Tiuze amene anatilembera kuti aone chochita. Makamaka wodwala amene akumwa mofini amafunika mankhwala otsegula m'mimba kuyambira tsiku loyamba mpaka nthawi yonse imene akumwa mofiniyo, chifukwa pamenepa phala la mgaiwa palokha silikwanira. Amene angochitidwa opaleshoni, amene angobereka kumene ndi amene ali ndi chilonda kumusi nawonso amapatsidwa ofewetsa kuti asatchime.

Mankhwalawa sagwira ntchito mofanana. Timapiritsi tachikasu tija, bisakodilo, komanso sena, timatakasa matumbo kuti akankhe. Bisakodilo amamwa usiku, wamkulu piritsi limodzi kapena awiri a mamiligalamu 5, ndipo amagwira pakapita maola 6 mpaka 12. Amameza osatafuna, ndipo samwera mkaka kapena pamodzi ndi mankhwala a chilungulira, chifukwa chikutiro chake chimasungunuka msanga n'kupweteka m'mimba. Munthu wodzigulira yekha asapitirire masiku asanu. Lakitulozi ndi wamadzi otsekemera, iye amakokera madzi m'matumbo, ndipo amatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti agwire, choncho amene wamwa madzulo asaonjeze m'mawa poganiza kuti sanagwire. Mayi woyembekezera asamwe chilichonse mwa izi asanafunse kusikelo. Zimene timakaniza ndi mafuta a nsatsi, kupopera madzi a sopo kumusi, ndi zitsamba za m'mabotolo zimene amati zimatsuka m'mimba. Muyeso wake sudziwika, ndipo zimatha kum'tsegula munthu mpaka kutha madzi m'thupi. M'mimba si poto kuti muzitsukidwa.

Pali nthawi imene mankhwala otsegula m'mimba angaphe munthu, ndipo nyumba iliyonse iyenera kuidziwa. Munthu akatupa mimba ngati ng'oma, ikupweteka mopotokola, chimbudzi osatuluka ndiponso mpweya womwe osatuluka, mwina n'kumasanza, kumeneko si kudzimbidwa wamba. Matumbo atsekeka kapena apotana. Kupotana kwa matumbo aakulu ndi vuto limene madokotala a maopaleshoni ku Kamuzu Central Hospital amakumana nalo kawirikawiri, makamaka mwa abambo. Thumbo lopotana limafa magazi akasiya kufikako, ndipo kulitakasa ndi mankhwala kungaliphulitse. Wodwala wotere asapatsidwe mankhwala, chakudya kapena zitsamba. Apite kuchipatala ola lomwelo, usiku kapena pa Sabata, kuti ngati n'kofunika am'tumize msanga kuchipatala cha boma ku Ntcheu.

Zizindikiro zina sizifuna kuthamanga usiku, koma zisadikire mwezi: magazi m'chimbudzi kapena chimbudzi chakuda bii kwa munthu amene sakumwa mapiritsi oonjezera magazi, kuonda kosadziwika chifukwa, kuchepa magazi, chotupa m'mimba, kudzimbidwa kosinthana ndi kutsegula m'mimba, ndi kusintha kwa kachitidwe ka chimbudzi kumene kwayamba kumene mwa munthu wa zaka za m'ma 50 kupita m'tsogolo. Kawirikawiri magazi amakhala a mudzi, koma khansa ya m'matumbo imayambanso chimodzimodzi, ndipo wosiyanitsa ndi wachipatala amene wam'pima munthuyo.

Osamalira okalamba adziwenso ichi. Agogo amene akhala masiku ambiri osachita chimbudzi nthawi zina amayamba kudontha chimbudzi chamadzi m'zovala. A pabanja amaganiza kuti atsegula m'mimba n'kuwagulira mankhwala oletsa. Chikhalirecho chibuma cholimba chatseka kumusi, ndipo zamadzizo zikungodutsa m'mbali. Mankhwala oletsa amaonjezera kutsekako. Agogo otere amafuna namwino kapena dokotala kuti achotse chibumacho, kenako n'kuyamba kusamala kadyedwe.

Kwa amene alibe zizindikiro zoopsazi, poyambira ndi pamene panayambira mayi uja. Ulendo wotsatira wa kuchigayo, tisankhe chimanga chabwino, thini imodzi tisaikonole. Mawa m'mawa pakhale phala ndi madzi patebulo anthu asanabalalike, ndipo aliyense m'nyumba, kuyambira apongozi mpaka mwana wa sukulu, apatsidwe mphindi zake zopita kuseri popanda womufulumizitsa kapena womuseka. Tilembe pa kalendala masiku amene tapita, kwa milungu inayi. Zikasintha tidzaona ndi maso athu, ndipo zikapanda kusintha, kalendala yomweyo ndi imene tidzanyamule popita kuchipatala.